Mmene mungadziwire vidiyo yoyenera kujambulanso pa kosi yanu ya pa intaneti

Kujambulanso vidiyo imodzi ya mphindi 15 kumadya tsiku lathunthu mukawerengera kukonzekera, kujambula, kudula ndi kuikweza pa intaneti. Choncho musanaimike kamera, muyenera kudziwa kuti vidiyo imene mukuiganizirayo ndi imenedi ikuthamangitsa ophunzira. Nthawi zambiri pamene anthu asiyira si pamene pali vuto. Munthu akhoza kusiyira pa phunziro 5 chifukwa cha zimene sanamve pa phunziro 3, kapena chifukwa bando yamuthera. Ine ndimati vidiyo ijambulidwenso pokhapokha maumboni atatu atagwirizana: chiwerengero cha omaliza phunzirolo, mzere wosonyeza pamene anthu amasiyira mkati mwa vidiyo, ndi mmene akukhozera mafunso a phunzirolo.

Malangizowa ndawalemba poganizira kosi imene ili pa Moodle, pulogalamu yoyendetsera maphunziro pa intaneti, mavidiyo ake ali pa YouTube ngati Unlisted, kutanthauza oonedwa ndi amene ali ndi ulalo wake, chifukwa ndi njira imene aphunzitsi ambiri amatsata posafuna kulipira malo osungira mavidiyo. Ngati mumagwiritsa ntchito zina, maina a mabatani asiyana koma kaganizidwe kake ndi komweko. Tiyerekeze kuti mumaphunzitsa kulemba mabuku a bizinezi yaing'ono pa Excel, maphunziro alipo 8, ndipo analembetsa ndi anthu 240. Manambala onse a kosiyi ndi ongoyerekezera kuti tione kawerengedwe.

Choyamba: siyanitsani kutsegula ndi kumaliza

Moodle sadziwa ngati munthu waonera vidiyo ya YouTube mpaka kumapeto. Amangodziwa kuti tsamba latsegulidwa. Mukaika lamulo la View the activity pa tsamba limene muli vidiyo, munthu amene watsegula n'kutseka pompo amalembedwa kuti wamaliza, chimodzimodzi amene wakhalapo mphindi 20. Apa ndi pamene aphunzitsi ambiri amadzinamiza, n'kumasangalala ndi manambala opanda kanthu.

Chitani chonchi. Pa tsamba la vidiyo siyani View the activity, koma muziliwerenga ngati chizindikiro chakuti munthu wayamba phunzirolo, basi. Pansi pa vidiyo iliyonse ikani mafunso atatu kapena anayi a Quiz, ndipo lamulo lake lomalizira likhale Receive a grade. Amene wayankha mafunsowo ndi amene timuwerenge kuti wamaliza. Mafunso ake asakhale ongodzazira malo. Funso lililonse lichokere pa chigawo chimodzi cha vidiyo, ndipo mulembe penapake kuti funso 2 likuchokera pa mphindi 5 mpaka 7, chifukwa kutsogoloku mudzafuna kulumikiza funso ndi malo ake mu vidiyo.

Zonsezi zikonzedwe gulu la ophunzira lisanayambe. Mukasintha malamulo omalizira kosi ili mkati, manambala a anthu oyambirira ndi a obwera pambuyo sakhalanso pa muyeso umodzi.

Chachiwiri: pangani tebulo la mizere 8

Gulu likamaliza, kapena pakatha milungu iwiri chitulukireni phunziro lomaliza, lowani pa Reports, kenako Activity completion, mutsitse lipotilo kuti mulitsegule mu Excel. Mzere uliwonse ndi wophunzira, ndipo ntchito iliyonse ili ndi danga lake lolembedwa Completed kapena Not completed. Chotsani dzina lanu ndi a anzanu amene ankangoyesa kosiyo. Kenako werengani danga lililonse ndi fomula iyi, mukusintha chilembo cha danga:

```
=COUNTIF(D2:D241,"Completed*")
```

Kanyenyezi kakumapetoko n'kofunika, chifukwa pa mafunso okhala ndi malikisi okhozera Moodle amawonjezera mawu ena kumapeto kwa Completed.

Pa phunziro lililonse mukufuna manambala awiri owerenga ndi awiri ogawa. Owerenga ndi oyamba ndi omaliza. Ogawa ndi awa: omaliza kugawa ndi oyamba a phunziro lomwelo, komanso oyamba phunziro lotsatira kugawa ndi oyamba phunziro ili. Pa chitsanzo chathu zatuluka motere:

| Phunziro | Oyamba | Omaliza | Omaliza pa 100 | Opitirira pa 100 |
|---|---|---|---|---|
| 1 | 200 | 150 | 75 | 76 |
| 2 | 152 | 128 | 84 | 86 |
| 3 | 130 | 112 | 86 | 88 |
| 4 | 114 | 62 | 54 | 77 |
| 5 | 88 | 74 | 84 | 68 |
| 6 | 60 | 52 | 87 | 92 |
| 7 | 55 | 48 | 87 | 91 |
| 8 | 50 | 45 | 90 | |

Musagawe ndi 240 ya olembetsa aja. Mukatero phunziro 8 lioneka loipitsitsa chifukwa omaliza ndi 45 okha, pomwe mwa amene anafikapo, 90 pa 100 alionse analimaliza. Kosi iliyonse imachepa anthu ikamapita kutsogolo, ndiye chimene mukusaka si kuchepako ayi, koma phunziro limene likutaya anthu kuposa anzake.

Yang'anani bwino tebuloli. Maphunziro ambiri ali pakati pa 84 ndi 90, choncho tinene kuti 86 ndiye mlingo wa kosi imeneyi. Atatu achoka pa mzere. Phunziro 1 lili pa 75, koma musathamangire kulijambulanso, chifukwa phunziro loyamba limalandira anthu ongosuzumira, olembetsa chifukwa mnzawo wawauza, ndi ena amene azindikira pomwepo kuti kosiyi si yawo. Phunziro 4 lili pa 54, ndipo limeneli ndiye loti tilifufuze. Likanakhala pa mlingo wa 86, omaliza akanakhala 98 mwa 114 aja, koma alipo 62, kutanthauza kuti phunziro limodzi lokhali lakudyerani anthu 36 owonjezera. Phunziro 5 ndi lodabwitsa mwa mtundu wina: anthu akulimaliza bwinobwino, koma 68 okha pa 100 ndi amene akutsegula phunziro 6.

Tiyambe ndi phunziro 5, popeza ndi limene limanyenga anthu. Ngati ophunzira aonera vidiyo, ayankha mafunso, akhoza, kenako osabweranso, vuto silili mu vidiyomo. Funsani kuti pakati pa 5 ndi 6 pali chiyani. Mwina pali ntchito yaikulu yoti atumize, yofuna kompyuta pomwe ambiri amaphunzirira pa foni. Mwina phunziro 6 munachedwa kulitulutsa milungu iwiri anthu n'kuzolowera kusabwera. Mwina ndi pamene mumafuna malipiro achiwiri, kapena linagwera mlungu wa zikondwerero za kumapeto a chaka. Lipoti lija limasonyeza tsiku limene aliyense anamaliza ntchito iliyonse, ndiye onani masikuwo. Zonsezi kamera singazikonze. Mungochepetsa ntchito ija, kapena kutumiza uthenga wokumbutsa, vidiyo 5 muisiye mmene ilili.

Chachitatu: lowani mkati mwa vidiyo

Tebulo lakuuzani phunziro, koma silinakuuzeni mphindi. Mphindiyo muipeza ku YouTube Studio. Sankhani vidiyo, dinani Analytics, kenako Engagement, mupeze mzere wa audience retention. Kuchokera kumanzere kupita kumanja ndi nthawi ya vidiyo, ndipo kutalika kwa mzerewo ndi kuchuluka kwa amene akuonerabe pa mphindi imeneyo. Manambalawa amatenga tsiku limodzi kapena awiri kuti aoneke, ndipo zizindikiro zimene YouTube amaika yekha, monga Spikes ndi Dips, zimabwera vidiyo ikaonedwa ka 100 kapena kuposa. Ngati gulu lanu ndi la anthu 20, munthu mmodzi yekha amasuntha mzere ndi 5 pa 100, choncho kakugwa kakang'ono musakakhulupirire mpaka magulu awiri kapena atatu atadutsa.

Mzere wotsika pang'onopang'ono kuyambira poyamba mpaka kumapeto si matenda, umatero pa vidiyo iliyonse. Kugwa kwa masekondi omaliza, pamene mukutsanzika, kusakudetseninso nkhawa, anthu adziwa kuti phunziro latha. Maonekedwe oti muwasamale ndi atatu: kugwa kwamphamvu mu masekondi 30 oyamba, phompho la pakati pamene mzere umagwa n'kusadzukanso, ndi nsonga yokwera pamene anthu akubwerera m'mbuyo kuti aonerenso.

Pali kenanso kofanana ndi phompho koma kosiyana nalo, ndipo muyenera kukazindikira. Mzere ukagwa n'kudzukanso patsogolo, anthu sanachoke, angolumpha chigawo chimenecho. Akukuuzani kuti zimenezo akuzidziwa kale kapena zikutalika. Mzere ukagwa n'kukhala pansi pomwepo, anthu atseka vidiyo.

Mu vidiyo 4 ya chitsanzo chathu, yotalika mphindi 19, anthu 90 pa 100 akadalipo pa sekondi 30, ndipo pofika 6:40 atsika pang'onopang'ono kufika pa 78. Kuchokera pamenepo kufika 8:10 mzere wagwa kufika pa 47, osadzukanso. Limeneli ndi phompho lenileni. Tsopano musayambe kuonera pa 6:40. Bwererani masekondi 30 mpaka mphindi imodzi m'mbuyo, chifukwa munthu akasokonezeka satseka nthawi yomweyo, amayamba wapirira kaye akuyembekeza kuti zimveka. Chimene chinamusokoneza chimakhala kumbuyo kwa pamene wachokera.

Ndipo muonere pa foni, osati pa kompyuta imene munajambulira. Pa 6:05 mphunzitsi akunena kuti tsopano tikoke mitengo ndi VLOOKUP, fomula ya Excel yofufuzira zinthu mu tebulo, n'kudina tsamba lachiwiri la Excel lodzaza kale ndi mitengo ya katundu. Tsambalo analikonza yekha kamera isanayake. Wophunzira amene wakhala akutsatira chilichonse pa fayilo yake alibe tsamba limenelo, ndipo palibe pamene anauzidwa kuti alipange. Amaimitsa vidiyo, amasakasaka mu fayilo yake, amabwerera m'mbuyo pang'ono, kenako amati ndidzaona mawa. Mwa anthu otere ambiri mawa lakelo silifika. Mphunzitsi sangalione vutoli mosavuta chifukwa kwa iye tsamba lija lakhala lilipo nthawi yonse, n'chifukwa chake ndi bwino kuti wina amene sadziwa phunzirolo aonere chigawocho inu muli pambali, osamuthandiza, mungoona pamene dzanja lake laima.

Mwina wina anena kuti vuto ndi kutalika, mphindi 19 zachuluka. Zoona, kutalika kuli ndi mbali yake. Mu 2014 Philip Guo, Juho Kim ndi Rob Rubin anafufuza maulendo oonera mavidiyo okwana 6.9 miliyoni pa makosi anayi a edX, tsamba la maphunziro a pa intaneti, ndipo anapeza kuti nthawi imene ophunzira ambiri amakhala pa vidiyo siipitirira kwenikweni mphindi 6, kaya vidiyoyo ndi yaitali bwanji. Koma kutopa kumaoneka ngati kutsetsereka kwapang'onopang'ono, osati kugwa kwa anthu 31 pa 100 mu mphindi imodzi ndi theka. Mukangoidula vidiyo 4 pakati osakonza nkhani ya tsamba la mitengo, phompho lija lingosamukira mu vidiyo yachiwiri.

Chachinayi: mafunso akhale mboni

Tsegulani Quiz ya phunzirolo, mupite pa Results, kenako Statistics. Pa funso lililonse pali Facility index, imene pa funso la yankho limodzi ndi kuchuluka kwa okhoza pa 100 alionse. Pa phunziro 4, mafunso ochokera ku mphindi 6 zoyamba akhozedwa ndi oposa 80 pa 100, koma la VLOOKUP lili pa 38. Maumboni atatu agwirizana tsopano: tebulo, phompho ndi funso, zonse zikuloza malo amodzi. Vidiyo 4 ijambulidwenso.

Phindu lalikulu la mafunso limaonekera pa mavidiyo amene tebulo lawakhululukira. Taonani phunziro 3, limene lili pa 86, looneka labwinobwino. Mzere wake wa YouTube uli ndi nsonga pa 5:20, pamene wakwera kuchoka pa 70 kufika pa 95. Nsonga yotere ili ndi matanthauzo awiri otsutsana. Ikhoza kukhala kuti pamenepo pali chinthu chothandiza chimene anthu amabwerera kudzakopera, kapena kuti pamenepo sipakumveka ndipo anthu akubwereza katatu osagwira kanthu. Mzere wokha sungakuuzeni. Funso la chigawocho likakhala kuti ambiri akulikhoza, isiyeni nsongayo, ikugwira ntchito yake. Pa chitsanzo chathu funsolo lili pa 41. Mukaonera pa foni mupeza kuti mphunzitsi akulemba `$B$2` mu fomula, sikirini yonse ya kompyuta yapanikizidwa pa kagalasi ka foni, ndipo zizindikiro za dola zikungooneka ngati timadontho. Iye akuti "taikani chonchi" osatchula zimene akulemba. Anthu amenewa sanachoke pa phunziro 3, apitirira, koma apita ku phunziro 4 atanyamula fomula yolakwika, ndipo ena mwa 36 aja anayambira kutayika pompano.

Kuti mutsimikize nkhani ya foni, lowani mu Advanced mode ya Analytics musankhe Device type. Ngati oonera pa foni akukhala nthawi yochepa kwambiri poyerekeza ndi a pa kompyuta pa vidiyo imodzi yokha, pomwe pa mavidiyo ena akufanana, ndiye kuti pali chinthu chimene sichikuoneka pa kagalasi kakang'ono.

Zimene manambala sakuona

Kwathu kuno ophunzira ambiri saonera vidiyo pa tsamba la kosi nthawi zonse. Mmodzi amaitsitsa pamene wapeza intaneti yaulere n'kugawira anzake pa WhatsApp kapena pa memori khadi. Anthu amenewo YouTube sawaona, koma amabwera kudzayankha mafunso. Mukaona kuti oyankha mafunso ndi ochuluka kuposa amene YouTube akuti anafika kumapeto, chifukwa chimodzi n'chimenecho, china n'chakuti ena amayankha osamaliza kuonera. Komanso netiweki ikaduka, magetsi akazima kapena bando ikatha, munthu amalembedwa ngati wochoka. Kuchoka kotereku kumamwazika paliponse mu vidiyo, sikuunjikana pa sekondi imodzi, choncho phompho lakuthwa limakhala la phunziro, osati la netiweki. YouTube amaphatikizanso oonera koyamba ndi obwereza. Munthu amene wabwera kachiwiri kudzangoona fomula imodzi n'kutseka amapangitsa mzere kugwa pamalo pamene palibe cholakwika.

N'chifukwa chake musanajambule, lemberani anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi mwa amene anatsegula phunziro 4 osalimaliza. Maina awo ali mu lipoti lija. Musawafunse kuti vidiyo inali bwanji, chifukwa mwaulemu wathu adzati inali bwino aphunzitsi, kungoti ndinatanganidwa. Afunseni chinthu chogwirika: "Pamene munasiyira, pa fayilo yanu panali chiyani? Mungandijambulire sikirini?" Chithunzi chimodzi cha fayilo yopanda tsamba la mitengo chimathetsa mtsutso wonse. Ndipo maina amenewa ndi a inu nokha, musawaike pa gulu kuti awa ndi amene sanamalize.

Chachisanu: sankhani mankhwala olingana ndi nthenda

Si vuto lililonse lofuna kamera. Vidiyo 2 ya chitsanzo chathu imataya anthu mu masekondi 40 oyamba, pamene mphunzitsi akupereka moni wautali ndi kubwereza za phunziro lapitalo, koma mzere umadzukanso pa 0:50. Anthu akungolumpha. Pamenepa lowani mu Editor ya YouTube Studio mudule chigawocho ndi Trim & cut. Ulalo wa vidiyo susintha, ndipo ntchito yake ndi ya mphindi zochepa.

Chimene YouTube salola ndi kulowetsa chigawo chatsopano mu vidiyo yakale kapena kusinthanitsa fayilo pa ulalo womwewo. Pa vidiyo 3 mujambulanso masekondi 90 okha, sikirini mutaikulitsa kuti fomula idzaze galasi, mukutchula chizindikiro chilichonse pakamwa, kenako mulumikize chigawocho mu fayilo yanu yoyambirira n'kuikweza ngati vidiyo yatsopano. Ikhala ndi ulalo watsopano, ndiye kumbukirani kusintha pa tsamba la Moodle ndi paliponse pamene munautumiza. Vimeo amalola kusintha fayilo ulalo osasintha, ngati mavidiyo anu ali kumeneko. Yakaleyo musaifufute msanga, chifukwa mukaifufuta mzere wake upita nayo limodzi ndipo mudzasowa chofanizira. Jambulani chithunzi cha mzerewo musunge pamodzi ndi tebulo lija.

Vidiyo 4 ndi yokhayo yofuna tsiku lathunthu. Igaweni pawiri: yoyamba ya mphindi 6 kapena 7 yomanga tsamba la mitengo pamodzi ndi ophunzira kuyambira pa tsamba lopanda kanthu, yachiwiri ya VLOOKUP yokha, ndipo pansi pake muike fayilo yokonzeka kuti amene wasochera atsitse n'kupitirira. Mphindi 6 zoyamba za vidiyo yakale zinalibe vuto, mukhoza kuzigwiritsanso ntchito. Pa mavidiyo 8, ndiye kuti imodzi ijambulidwanso kwambiri, ina pang'ono, ina ingodulidwa, zisanu zikhala mmene zilili. Nthawi ikakuchepererani yambani ndi 4 chifukwa ndi imene yataya anthu ambiri, koma 3 isadikire gulu lina, popeza aliyense amadutsa pamenepo asanafike pa 4.

Gulu lotsatira likadutsa, bwerezani tebulo lomwe lija ndi malamulo omwewo. Mafunso a phunziro 3 ndi 4 musawasinthe ngakhale liwu limodzi, apo ayi simudzadziwa ngati chakwera ndi kumvetsa kwa ophunzira kapena kuphweka kwa funso. Popeza phunziro 4 tsopano lili ndi mavidiyo awiri, oyamba muwawerenge pa vidiyo yoyamba, omaliza pa mafunso omwe aja, kuti 54 wakale akhale ndi mnzake womufanizira. Yembekezerani kuti nambalayo iyandikire 86 wa maphunziro ena, ndipo funso la VLOOKUP lichoke pa 38. Yang'ananinso phunziro 5 ndi 6, chifukwa anthu amene kale ankatayika pa 4 tsopano afika kumeneko, ndipo ambiri mwa iwo ndi amene Excel imawavuta, choncho vuto limene linabisika mu mavidiyo akutsogolo likhoza kuonekera koyamba pa gulu limeneli.